Kankhani kanga ka mnyamata wa pa bala: ndiuzeni pamene ndanama

Chisomo

Abale, ndabwera nako kankhani kaja ndinkanena sabata yatha. Sikanathe bwinobwino. Ine pa bala sindinagwirepo ntchito, zonsezi ndangozitola kwa msuweni wanga amene anatsukako matambula pa hotela ina ku Blantyre, ndiye pamene ndanama mundiuze mosabisa. Makamaka a Gondwe, ndikudziwa kuti mumawerenga mwakachetechete. Ndayamba chonchi:

Linali Lachisanu lomaliza mu Okutobala, anthu a m'maofesi atangolandira. Kunja kunkatentha ngati mu uvuni ngakhale dzuwa linali litalowa. Pa bala ya hotela panalibe poponda. Holo ya pamwamba inali itangotulutsa anthu a msonkhano, timabaji tili lendelende pachifuwa, aliyense akufuna chozizira nthawi yomweyo. Magetsi anali atazima masana onse, jenereta ikulira kuseri kwa khitchini.

Yamikani anali atagwira pamenepo miyezi itatu. Ntchito yake inali kutsekula ma Girini, kuthira jini ndi toniki, kutsuka matambula ndi kuthamangira ayisi kukhitchini. Mabotolo a pa shelefu ya pamwamba ankangowapukuta fumbi: lofiira ngati magazi lija lolembedwa Campari, ndi linzake la vemuti limene linatsekulidwa iye asanayambe ntchito.

Weta anabwera akupuma mwabefu, n'kumenyetsa kapepala pa kauntala. "Tebulo 9, Negroni ziwiri. Ndi mayi wa tsitsi loyera uja ndi mnzake."

Yamikani anayang'ana kwa a Mbewe. Mdalayo anali ndi thireyi ya anthu khumi ndi awiri patsogolo pake, thukuta likuyenderera m'khosi.

"Madala, kwabwera Negroni."

"Manja ndili nawo awiri okha, mwana wanga. Jini, Campari, vemuti, zonse mofanana. Pita."

Yamikani anatsitsa mabotolo atatuwo. Anathira ndi maso basi, mtima uli phaphapha, n'kuponyamo ayisi wa mu ndowa. Anatseka sheka, n'kuyamba kuikhutchumula pamwamba pa phewa monga ankaonera pa kanema. Anthu a pa kauntala anatembenuka. Anakhuthulira m'matambula awiri, n'kuikapo kachidutswa ka ndimu.

Patapita mphindi khumi weta anabweranso. "Mayi uja akuti ndani wapanga zimenezi? Akuti sanalawepo yokoma chonchi chichokereni kwawo."

Pathera pamenepo kaye. Ndikufuna kuwonjezera kachigawo kakuti akukwera minibasi ya ku Bangwe m'mawa mwake, koma ndimve kaye maganizo anu.

Ankolo Fulanki

Eee mphwanga, wapeza ntchito pa hotela osatiuza? Zabwino zonse. Ndi iti hotelayo, tibwere Lachisanu?

Nabanda

Ankolo, ndi nkhani yopeka imeneyi. Chisomo akadali pa sukulu pomwe paja akuphunzitsa Sitandade 6. Werengani kuyambira pamwamba.

Chisomo, chiyambi chandigwira. Timabaji tija ndawaona ndithu anthu amenewo. Koma mathero andifulumirira. Mnyamata sanakhudzepo botolo, lero kungogwira kamodzi wapambana? Palibe chimene chamuvuta. Ine monga wowerenga sindinachite naye mantha.

Mphatso

Ine ndakonda pokhutchumula paja. Kokitelo ndi imeneyo basi, ikapanda kukhutchumulidwa si kokitelo. Ndiponso sheka imaziziritsa msanga kuposa kutakasa ndi supuni, ndiye pa usiku wa anthu ambiri chonchi mnyamatayo waganiza bwino. Chokhacho chimene ndikukayika ndi dzinalo. Si mawu onyoza anthu akuda amenewa? Mwina musankhe chakumwa china.

Gondwe

Ndawerenga kawiri, mwana wanga. Ndinayima kuseri kwa kauntala zaka zoposa makumi awiri, ku Blantyre ndi kunyanja, ndiye ndiyankhula ngati wa pa bala, za kalembedwe ndisiyira a Nabanda.

Ndiyambe ndi a Mphatso pa dzina. Ndi dzina la munthu. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti ku Florence, m'dziko la Italy, cha mu 1919, kunali bwana wina dzina lake Camillo Negroni amene ankakonda chakumwa chotchedwa Americano, chimene ndi Campari, vemuti wotsekemera ndi soda. Tsiku lina anauza wa pa bala kuti achotse sodayo aikemo jini kuti chikhale ndi mphamvu. Wa pa balayo anaikapo lalanje m'malo mwa ndimu kuti chisiyane ndi chakale chija. Ndiye Chisomo, ndimu yako ija ichoke. Mayi wa tsitsi loyera akangoona ndimu adziwiratu asanalawe kuti wapanga ndi mlendo pa ntchito.

Tsopano bodza lalikulu. Mayiyo sakanayamikira. Chimene Yamikani wako wapanga chikanabwerera pa thireyi, ndipo iweyo walemba wekha zifukwa zake osadziwa. Walemba kuti magetsi anazima masana onse. Walemba kuti ayisi ndi wa mu ndowa. Walemba kuti vemuti anatsekulidwa mnyamatayo asanayambe ntchito ndipo ali pa shelefu akutola fumbi. Ine nditawerenga zitatuzi ndinati eya, mwanayu akutitchera msampha, chakumwachi chiwonongeka ndipo nkhani ikhala pamenepo. Kenako ukuti mayi wayamikira. Ndinaseka ndekha m'nyumba mpaka mayi a kunyumba anafunsa.

Chisomo

A Gondwe, mwandichititsa manyazi koma pitirizani. Vemuti walakwa chiyani? Ine ndimayesa mowa wa m'botolo suwonongeka.

Gondwe

Jini sawonongeka. Campari naye amapirira. Koma vemuti ndi vinyo, angomuwonjezera mphamvu pang'ono ndi zitsamba ndi shuga. Mphamvu yake ili cha pa 16 pa 100 iliyonse, pamene jini ali cha pa 40. Ukangotsekula botolo, mpweya umayamba kumudya. Mu furiji, wotsekedwa bwino, amakutumikira mwezi umodzi, mwina iwiri. Pa shelefu, pansi pa magetsi a pa bala, mu kutentha kwa Okutobala, miyezi itatu ndi yambiri zedi. Samakudwalitsa ayi, koma amafa. Ukanunkhiza umamva ngati mphesa zouma zimene zakhalitsa m'kabati, kafungo ka zitsamba katachoka, mtundu utayamba kupita ku bulauni. Pakamwa amangokhala zii, nthawi zina ndi kowawasa kumapeto.

Ndipo mu Negroni alibe pobisala. Zinthu ndi zitatu zokha, chilichonse mamililita 30. Campari ndi wowawa, jini ndi wakuthwa, amene amawagwirizanitsa awiriwa ndi vemuti. Iyeyo akafa, mlendo amangomva kuwawa kokhakokha ngati wamwa mankhwala a malungo.

Vuto limeneli ndi lenileni m'mahotela athu, chifukwa anthu ambiri amaitanitsa Girini kapena jini ndi toniki. Vemuti amatha sabata zingapo osakhudzidwa. Wa pa bala wodziwa ntchito amalemba tsiku lotsekulira pa kapepala n'kumata pa botolo, ndipo botololo limagona mu furiji. A Mbewe ako ngati alidi mdala wa ntchito, sangalisiye pa shelefu. Sankha chimodzi: kapena a Mbewe ndi osasamala, kapena anali pa tchuthi ndipo wina analisiya pamenepo.

Mphatso

Chabwino za dzina ndamva. Koma pa sheka sindikugonja. Kuzizira msanga si zoona?

Tadala ku Joni

Ndi zoona achimwene, koma mwagwira theka. Ine ndili pa bala kuno chaka chachinayi. Sheka imaziziritsa msanga chifukwa ayisi amasweka ndi kusungunuka msanga, ndiye kuzizirako mumakulipira ndi madzi. Komanso imalowetsa mpweya. Negroni yokhutchumula imatuluka yotuwa ngati madzi otsukira mpunga, ndi kathovu pamwamba, timagalasi ta ayisi tikuyandama. Yotakasa imatuluka yosatuwa, yofiira moti mukhoza kuona chala chanu kuseri kwa tambula, ndipo pakamwa imayenda mosalala.

Ife timati chimene chili ndi madzi a ndimu, dzira kapena kirimu, khutchumula, chifukwa zimenezo sizisakanikirana ndi mowa mwaulemu. Chimene ndi mowa wokhawokha, takasa. Negroni ndi mowa wokhawokha.

Gondwe

Tadala wanena bwino. Ndiwonjezere za ayisi, chifukwa Chisomo, nkhani yako yeniyeni ili mu ndowa imeneyo.

Anthu amayesa ayisi ndi woziziritsa chabe. Ayisi ndi chinthu chachinayi mu chakumwachi. Ukatakasa, amapereka madzi pang'ono, mwina mamililita 20 kapena 25 pa 90 aja, ndipo madzi amenewo ndi ofunika, amathyola ukali. Vuto ndi pamene madzi apitirira. Ayisi wabwino ukamutenga amakhala wouma, wotuwa ndi kachisanu, amamatirira ku chala, ndipo akagundana amalira kuti khokho. Ayisi amene wakhala mu ndowa magetsi atazima amakhala wonyezimira, wonyowa, ngodya zake zitakhala zobulungira, akusambira m'madzi ake omwe. Ukamuika m'tambula amabwera kale ndi madzi pathupi pake usanayambe n'kutakasa komwe. Ndiye tangoganiza kumukhutchumula wotereyo mu sheka.

Ndi ayisi wouma ndinkatakasa masekondi 20 mpaka 30. Ndi wonyowa, choyamba umamukhetsa pa sefa, umadzaza tambula mpaka pamwamba, ndipo umatakasa mwina theka la nthawi imeneyo. Anyamata atsopano amaganiza kuti ayisi wochepa ndiye madzi ochepa. N'zotembenuza. Timiyala titatu mu mowa wofunda timasungunuka tonse nthawi yomweyo. Tambula yodzaza imazizira msanga ndipo ikazizira kusungunuka kumachepa.

Nabanda

Apa ndiye mwandipatsa chimene ndimasowa. Chisomo, ukuona? Mnyamatayu wakhala miyezi itatu akuthamangira ayisi. Chinthu chokhacho chimene amachidziwa kuposa wina aliyense pa bala imeneyo ndi ayisi. Amadziwa furiji imene imagwira jenereta ikayaka ndi imene sigwira. Usamupambanitse ndi mwayi. Umupambanitse ndi ntchito yonyozeka ija.

Mayi a Dalitso

Ine funso langa ndi lina. Gulu lino ndi la zolembalemba kapena tayamba sukulu ya mowa? Ana athu akawerenga nkhani imeneyi aphunzirapo chiyani?

Chisomo

Mayi, Yamikani samwa n'komwe mu nkhaniyi. Ndi mwana wosaka ndalama ya lendi ngati wina aliyense. Koma mwandikumbutsa, a Gondwe, munthu wosamwa angadziwe bwanji kuti chakumwa chili bwino?

Gondwe

Ndinagwira ndi anyamata angapo osamwa, ena a mpingo wolimba, ena Asilamu a kunyanja, ndipo ena mwa iwo anali akatswiri. Mphuno ndi maso zimagwira ntchito yambiri. Vemuti wakufa umamumva pa mphuno. Kuzizira umakumva pa chala ukagwira kunja kwa tambula. Amene amalawa amatenga kasitiro, kuviika, kutseka ndi chala pamwamba, n'kudonthezera kadontho pa lilime. Wosamwa amapempha mnzake kuti amulawire.

Ndipo kwa mayi a Dalitso, pali chinthu chimodzi choti wa pa bala azidziwa ndipo ndi chabwino chilowe mu nkhani. Chakumwachi n'chaching'ono koma mulibe chofewetsa. Ukaphatikiza jini wa 40, Campari wa 25 ndi vemuti wa 16 mofanana, umapeza mphamvu ya 27. Madzi a ayisi akalowa imatsika kufika cha pa 21. Tambula imodzi ili ngati botolo limodzi ndi theka la Girini. Munthu woti waitanitsa yachitatu mu ola limodzi, umamuikira madzi pambali osamufunsa.

Tadala ku Joni

A Gondwe, ine ndikutsutsani pang'ono pa muyezo. Kuno toti ndi mamililita 25, ndiye jiga yathu, kachikho koyezera mowa, ndi ya 25 mbali imodzi, 50 mbali inayo. Negroni yathu ndi 25, 25, 25. Sizisintha kakomedwe bola zifanane.

Koma chimene chandiwawa mu nkhani ya Chisomo ndi kuthira ndi maso. Zimenezo zimachotsetsa ntchito. Pa bala yanga yoyamba kuno, sabata yachiwiri, ndinathira ndi maso chifukwa anthu anachuluka ndipo jiga inagwera pansi pa furiji. Lolemba powerengera sitoko botolo la jini linapelewera matoti asanu ndi limodzi poyerekeza ndi zimene zinalowa mu makina. Anandidula pa malipiro pa mtengo wogulitsira, osati wogulira. Sindinatsutse, mapepala anga anali asanakhale bwino nthawi imeneyo. Kuyambira pamenepo jiga ndimayenda nayo m'thumba la epuloni ngati foni.

Ndiye Chisomo, Yamikani wako akawononga ziwiri zoyambazo, funso limene lili m'mutu mwake si la mayi wa pa tebulo 9. Ndi lakuti matoti asanu ndi limodzi amenewa alipira ndani. Campari ndi wochokera kunja, si wotchipa.

Gondwe

Pa 25 sindikukana, zimatengera jiga ya nyumbayo. Ine ndanena 30 chifukwa ndi umene uli pa mndandanda wa bungwe la padziko lonse la anthu a pa bala. Ndipo mndandanda womwewo umati uthire zonse mu tambula yaifupi yodzaza ayisi, utakase pang'onopang'ono, uike theka la chidutswa cha lalanje. Palibe jagi yosakanizira. Kwa mnyamata woyamba, pa usiku wotere, imeneyo ndiye njira.

Tadala ku Joni

Apo ndiye tisiyana, madala. Ife timatakasira mu jagi yagalasi, kenako timasefera pa ayisi watsopano mu tambula. Makamaka ndi ayisi wonyowa amene mukunenayo. Mukapangira mu tambula momwemo, ayisi amene wayamba kale kusungunuka ndi yemweyo amene apite naye pa tebulo. Pofika theka la chakumwa ndi madzi okhaokha. Ndiponso oda ndi ya ziwiri. Mu jagi mumathira 50, 50, 50 kamodzi, mwamaliza, ndipo zonse ziwiri zimafanana.

Lalanjenso ife timasenda khungu lokha, kakang'ono ngati chala chachikulu, osatengako zoyera za mkati chifukwa zimawawa. Timalifinya pamwamba pa tambula, khungu litayang'ana pansi, mafuta ake amawaza pa chakumwa. Mlendo amayamba kumva lalanje pa mphuno asanamwe.

Gondwe

Jagi ndi chinthu china choti utsuke, mwana wanga, ndipo ayisi umawononga kawiri. Usiku umene ayisi akupelewera sungataye theka lake mu sinki. Koma sindikuti njira yako ndi yolakwa. Pa khungu la lalanje ndikuvomera, ndinkatero inenso malalanje akakhala a khungu labwino. Ena a pamsika amakhala obiriwira, khungu lopyapyala, ukafinya palibe chotuluka. Zikatero chidutswa chimaposa.

Mphatso

Nanga jini? Mu hotela ya ku Blantyre sangagwiritse Malawi Gin?

Gondwe

Ndinagwiritsa zaka zambiri, ndipo alendo ena ankachita kupempha yemweyo. Kwa lilime langa ndi wofewa, ndiye Campari amamupondereza pang'ono. Ena amawonjezera jini kakang'ono kuti amveke. Ine sindinkatero pokhapokha mlendo wanena yekha.

Chisomo

Ndakhala nazo usiku wonse. Ndalembanso kuyambira pamene weta wabweretsa kapepala. Sheka ndaisiya, koma tsopano ndi kulakwitsa kwake. Onani:

Thireyi inabwerera pasanathe mphindi zitatu. Matambula onse awiri anali odzaza, otuwa, ndimu ikuyandama ngati nsomba yakufa.

"Akuti si zimene anaitanitsa," anatero weta, osamuyang'ana kumaso.

Yamikani anawerenga mumtima. Matoti asanu ndi limodzi. Lendi ya ku Bangwe inali Lolemba.

A Mbewe anamaliza thireyi yawo, napukuta manja pa epuloni. Sanakalipe. Anatenga botolo la vemuti, kulitsekula, n'kuliika pansi pa mphuno ya mnyamatayo.

"Ukumva chiyani?"

"Ngati mphesa zouma, madala."

"Anandisiyira panja ndili kumaliro. Taya maso mu furiji ya pansi, kuseri kwa toniki, muli lina losatsekula. Nanga ayisi uyu?" Analowetsa dzanja mu ndowa, madzi n'kuchucha m'zala.

"Ameneyo ndi wa masana. Koma mu furiji ya nyama, pansi penipeni, muli mapaketi awiri. Imeneyo ndi yokhayo imene ili pa jenereta."

Mdalayo anamuyang'ana kwa nthawi yoyamba usiku umenewo. "Ndiye ukudikira chiyani?"

Anabwerera paketi ikumuluma m'manja. Ayisiyo anali wotuwa, akumatirira ku zala. Anadzaza matambula awiri aafupi mpaka pamwamba. A Mbewe anamuponyera jiga. Jini, mpaka pa mlomo, kukhuthula. Campari. Vemuti watsopano, amene fungo lake linamukumbutsa zitsamba za agogo ake. Dzanja linkanjenjemera moti dontho lofiira linagwera pa kauntala.

"Supuni igwire ngati cholembera. Msana wake uzitsata khoma la tambula. Usamenye ayisi, muyendetse."

Kuseri kwake wina ankakuwa kuti Girini zake zili kuti. Yamikani anawerenga mpaka 25. Kunja kwa tambula kunachita nkhungu. Anasenda lalanje, kufinya khungu, timadontho ta mafuta n'kuwala pa magetsi a jenereta.

Weta ananyamula. Yamikani anatsekula Girini zisanu ndi zinayi motsatizana, maso ali ku tebulo 9. Mayi uja ananyamula tambula, anamwa pang'ono, anaiika pansi, napitiriza kucheza ndi mnzake. Sanayang'ane ku bala n'komwe.

Nabanda

Eya! Kusayang'ana kumeneko ndiye kwandikhutiritsa. Koma chotsa "ngati nsomba yakufa", wachulutsa. Ndimu ikuyandama basi. Ndipo zitsamba za agogo ndikuzikayika, aliyense amalemba za agogo.

Ankolo Fulanki

Ndawerenga tsopano kuyambira pamwamba, pepani. Koma mathero amenewa ine ayi. Mwana wavutika chonchi, mayiyo osamupatsa ngakhale kenakake? Muikeko tipu, anthu tisangalale.

Gondwe

Ankolo, pa bala tambula imene sinabwerere ndiye tipu yake. Koma Chisomo, ndili ndi ziwiri. Choyamba, ayisi sakhala mu furiji ya nyama. Amatenga fungo, ndipo woyang'anira khitchini akakupeza ndi mlandu. Nena kuti ndi furiji ya ayisikirimu, kapena mapaketi amene manijala anagula madzulo n'kubisa. Chachiwiri, mnyamata woyamba sangatakase bwino ndi kuuzidwa kamodzi. Supuni imakakamira, ayisi amadumpha. Ine ndinkawapatsa tambula ya madzi ndi ayisi kuti aziyeserera masana kulibe anthu, sabata yathunthu. Muonetse akuvutika nayo. Mwina a Mbewe agwire dzanja lake pa tambula yoyamba, yachiwiri apange yekha.

Ndipo a Mbewe sangatsekule botolo latsopano la vemuti osalemba tsiku. Kachinthu kameneko kaike. Alembe ndi bolopeni pa kapepala, amate, apatse mnyamatayo kuti akaike mu furiji.

Tadala ku Joni

Ine ndikufunabe kudziwa za matoti asanu ndi limodzi aja. Wawatchula ndiye wawasiya m'malere. A Mbewe awalemba mu buku la zowonongeka, kapena amudula mwanayo? Chifukwa vemuti wakufa uja si kulakwa kwa Yamikani, koma sheka ndi kuthira ndi maso ndi kwake.

Gondwe

M'nthawi yanga mdala wabwino ankalemba kuti vemuti anawonongeka, zimene ndi zoona, n'kusayina yekha. Za sheka sankazitchula kwa manijala. Ankakutchulira iweyo chaka chonse pamaso pa anzako.

Tadala ku Joni

Amenewo ndi madala a kale. Amene ndinakumana nawo ine akanasayina dzina la mwanayo.

Chisomo

Sindinasankhe. Ndikuganiza zoti potseka bala cha m'ma 2 koloko a Mbewe atsekule bukulo, Yamikani akukolopa kumbuyo kwawo akuyesetsa kuona chimene akulemba, ndiye nkhani ithere pamenepo, owerenga asaone. A Nabanda, kuteroko ndi kuthawa?

Nabanda

Mwina ndi kuthawa, mwina ayi. Lemba zonse ziwiri ubweretse Lamlungu. Kachigawo ka minibasi ya ku Bangwe kaja kokha usavutike nako.

Mphatso

A Gondwe, funso lomaliza la ine. Ngati mu furiji ya pansi munalibe botolo lina la vemuti, akanatani?

Gondwe

Ukanapita wekha pa tebulo, osatuma weta, n'kunena kuti mayi pepani, vemuti wathu lero sali bwino, ndikupangireni Campari ndi soda ndi lalanje, kapena jini ndi toniki. Ndinachitapo zimenezo kunyanja lole ya katundu itachedwa sabata ziwiri. Mlendoyo anasankha Campari ndi soda, anamwa ziwiri, ndipo m'mawa mwake anabwera kudzafunsa ngati loleyo yafika.